Kodi ΔS ikwera kapena itsika? Kuwerenga mamolo a gasi ndi malire ake

Tiyamike

Moni nonse a pa gulu lino. Ndili m'chaka choyamba cha kemisitiri ku koleji, ndipo pa pepala la mafunso limene tapatsidwa akufuna kuti tinene ngati ΔS, kutanthauza kusintha kwa entiropi pa riyakishoni, ili pozitivu kapena negetivu popanda kutsegula tebulo la manambala. Atatu amene andiimitsa mutu ndi awa:

N₂(g) + 3H₂(g) → 2NH₃(g)

CH₄(g) + 2O₂(g) → CO₂(g) + 2H₂O(l)

H₂(g) + Cl₂(g) → 2HCl(g)

Pa woyambayo ndikuona ngati entiropi iyenera kukwera, chifukwa molekyu ya amoniya ili ndi maatomu anayi pamene ya naitirojeni ndi ya haidirojeni ili ndi awiri okha, ndipo m'kalasi anatiuza kuti molekyu yokhala ndi maatomu ambiri imakhala ndi entiropi yokwerako. Pa wachitatuyo sindikudziwa ngakhale poyambira, popeza zonse ndi gasi mbali zonse ziwiri. Ndithokoza aliyense amene angandithandize kumvetsa njira yake, osati mayankho okha.

Kondwani

Achemwali, musadzivute. Werengani mamolo mbali zonse ziwiri, ndipo mbali imene ili ndi ambiri ndiyo ili ndi entiropi yambiri. Pa woyambayo kumanzere kuli mamolo 4, kumanja kuli 2, choncho ΔS ndi negetivu. Wachiwiriyo ndi kuyaka kwa moto, ndipo kuyaka kulikonse kumakweza entiropi chifukwa kumatulutsa kutentha ndi utsi, choncho ndi pozitivu. Pa wachitatuyo kuli mamolo 2 uku ndi 2 uko, ndiye ΔS ndi ziro. Ine ndinadutsa mayeso ndi njira imeneyi.

Aphunzitsi Phiri

A Kondwani mwayankha bwino funso loyamba, koma pa awiri enawo tikambirane pang'ono, chifukwa lamulo limene mwaperekali likusowa mawu amodzi ofunika kwambiri. Sitiwerenga mamolo a chilichonse chimene chalembedwa mu ikwezhoni. Timayamba tawerenga mamolo a gasi okha, ndipo zolimba ndi zamadzimadzi timaziika pambali kaye.

Chifukwa chake chimaoneka mukayang'ana madzi. Molo imodzi ya madzi ndi magalamu 18, ndipo ikakhala madzi wamba imadzaza masipuni aang'ono atatu ndi theka basi. Madzi omwewo akawira n'kusanduka nthunzi pa madigiri 100 amafuna malo a malita pafupifupi 30. Mamolekyu ndi omwe aja, palibe imodzi yomwe yawonjezeredwa, koma tsopano iliyonse ili ndi malo ochuluka kwambiri oti ingapezekepo ndiponso njira zochuluka zimene mphamvu ingagawidwire pakati pawo. Entiropi imayeza kuchuluka kwa njira zimenezi. N'chifukwa chake pa madigiri 25 tebulo limapatsa madzi wamba 70 J/K pa molo, pamene nthunzi limaipatsa 189 J/K pa molo. Zolimba zambiri zimakhala m'munsi mwa 100, pamene magasi wamba amayambira cha pa 130 n'kupitirira 200. Motero molo imodzi ya gasi ikaonekera kapena ikasowa mu riyakishoni, kusintha kumene imabweretsa nthawi zambiri kumaposa zina zonse zimene zikuchitika pambali.

Tsopano a Tiyamike, zimene anakuuzani m'kalasi si zabodza. Amoniya ali ndi 192.8 pa molo, naitirojeni 191.6, haidirojeni 130.7, choncho molo pa molo amoniya ndiye ali pamwamba. Koma riyakishoniyi siikusinthanitsa molo imodzi ndi imodzi. Ikutenga mamolo anayi a gasi n'kubweza awiri. Kumanja tili ndi 2 × 192.8, zomwe ndi 385.6. Kumanzere tili ndi 191.6 kuphatikiza 3 × 130.7, zomwe ndi 583.7. Tikachotsera, ΔS ikutuluka pafupifupi −198 J/K. Kukula kwa molekyu ya amoniya kwathandizako ndithu, koma sikungabweze zimene zatayika pamene mamolo awiri a gasi asowa.

Tiyamike

Zikomo aphunzitsi, zamveka. Ndikatsatira njira imeneyi pa wachiwiriyo, kumanzere ndikupeza mamolo atatu a gasi, imodzi ya mitheni ndi awiri a okosijeni, pamene kumanja ndikupeza imodzi yokha ya CO₂, popeza madziwo alembedwa ndi (l). Ndiye kuti ΔS ndi negetivu ngakhale kuti ndi moto ukuyaka?

Kondwani

Apa ndiye sindikuvomereza, aphunzitsi. Aliyense amene waonapo chitofu cha gasi chikuyaka akudziwa kuti sipadontha madzi. Chimene chimatuluka pa lawi ndi mpweya wotentha, ndipo madzi ali m'menemo ndi nthunzi. Tingawerengere bwanji madzi ngati amadzimadzi pa moto wotentha chonchija? Komanso tinaphunzira kuti chinthu chochitika chokha chimakweza entiropi, ndipo gasi akangoyatsidwa amayaka yekha mpaka kutha.

Aphunzitsi Phiri

Inde a Tiyamike, ndi negetivu, ndipo si pang'ono. A Kondwani mwakweza nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ndiyankha ya madzi poyamba chifukwa ndiyo imagwetsa ophunzira ambiri.

Mukunena zoona kuti pa lawi penipenipo madzi amatuluka ngati nthunzi. Koma ΔS imayerekeza pamene tayambira ndi pamene tathera, osati zimene zinachitika pakati. Ikwezhoni ikalemba (l) ikunena kuti zotulukazo tazisiya zizizire kubwerera pa madigiri 25, ndipo madziwo asanduka madontho. Zimenezi mukhoza kuziona nokha. Ikani poto wa madzi ozizira pa chitofu cha gasi, ndipo kwa kanthawi kochepa muona kunja kwa potoyo kwachita chinyezi ngati thukuta, mpaka chitsulocho chitatentha n'kuchiumitsa. Amenewo ndi madzi opangidwa ndi lawilo.

Tiyeni tiwerengere njira zonse ziwiri. Mitheni ndi 186.3, okosijeni ndi 205.2 pa molo, choncho kumanzere tili ndi 186.3 kuphatikiza 410.4, zomwe ndi 596.7. CO₂ ndi 213.7. Madzi akakhala amadzimadzi, kumanja kukukwana 213.7 kuphatikiza 2 × 69.9, zomwe ndi 353.5, ndipo ΔS ikutuluka pafupifupi −243 J/K. Madzi akakhala nthunzi, kumanja kukukwana 213.7 kuphatikiza 2 × 188.8, zomwe ndi 591.3, ndipo ΔS ikutuluka pafupifupi −5 J/K. Taonani kuti chilembo chimodzi chokha chasuntha yankho ndi 238. Taonaninso kuti ngakhale titatsatira inu a Kondwani n'kutenga nthunzi, yankho silikufikabe ku pozitivu, chifukwa pamenepo mamolo a gasi ndi atatu uku ndi atatu uko. Kuyaka pakokha sikutiuza kanthu za ΔS ya riyakishoni. Pali mafuta ena amene kuyaka kwawo kumachulukitsa mamolo a gasi ndipo pali ena amene kumawachepetsa, ndiye tiyenera kuwerenga nthawi iliyonse.

Nkhani yanu yachiwiri ndi ya lamulo lachiwiri la kutentha. Lamulolo likunena za entiropi ya riyakishoni ndi ya malo ozungulira zitaphatikizidwa, osati ya riyakishoni payokha. Mitheni ikayaka imataya 890 kJ pa molo kupita kunja, ndipo kutenthako kukalowa m'malo ozungulira amene ali pa 298 K kumakweza entiropi yawo ndi 890 000 kugawa ndi 298, zomwe ndi pafupifupi 2990 J/K. Pa nambala imeneyo mukachotsapo 243, chotsalacho ndi pozitivu kwambiri. Kutentha kumene mumaganizako kulipodi, koma kumawerengedwa ku mbali ya malo ozungulira, ndipo funso la a Tiyamike silikufunsa za mbali imeneyo.

Bambo Gondwe

Pepani ndilowererepo, ngakhale ine sukulu ya zimenezi sindinapite nayo patali. Ndakhala ndikuotcha laimu kuno ku Balaka kwa zaka zambiri, ndipo mwana wanga ndiye anandilowetsa pa gulu lino. Zimene mukukambazi zandikumbutsa ntchito yathu. Timalonga miyala m'ng'anjo pamodzi ndi nkhuni, ndipo moto ukakhala wofooka miyala imatuluka yopsa kunja kokha, m'kati muli mtima wosapsa umene sumwa madzi. Yopsa bwino imapepuka kwambiri, mukainyamula m'dzanja mumadziwiratu. Kenako tikaithira madzi imafufuma, imang'ambika, ndipo nthunzi imatuluka yambiri mpaka munthu kuima patali. Kodi malinga ndi lamulo lanulo, pothira madzi paja ndi pamene entiropi ikukwera kwambiri, popeza ndi pamene gasi akuoneka ndi maso? Pootcha paja mwala umangokhala mwala.

Aphunzitsi Phiri

Bambo Gondwe, funso lanu ndi labwino kuposa ambiri a m'mabuku, ndipo yankho lake ndi losemphana ndi zimene maso akuona. Entiropi ikukwera pootcha, ndipo ikutsika pothira madzi.

Pootcha chikuchitika ndi ichi:

CaCO₃(s) → CaO(s) + CO₂(g)

Kumanzere kulibe gasi, kumanja kuli molo imodzi, choncho ΔS ndi pozitivu. Gasi ameneyu simumuona chifukwa alibe mtundu ndipo amatuluka pamodzi ndi utsi wa nkhuni, koma dzanja lanu limamumva. Pa makilogalamu 100 alionse a mwala wabwino, makilogalamu 44 amachoka ngati CO₂ ndipo 56 okha ndiwo amatsala, ndiye kupepuka kumene mukunenako ndi umboni wake. Pa manambala, mwalawo ndi 92.9, laimu wopsa ndi 39.8, gasiyo ndi 213.7, ndipo ΔS ikutuluka pafupifupi +161 J/K.

Nambala imeneyi ndiyonso ikufotokoza mtima wosapsa uja. Riyakishoniyi imameza kutentha, 178 kJ pa molo, ndipo chimene chimaikoka kuti ichitike ndi kukwera kwa entiropi kokha. Mphamvu ya kukoka kumeneko ndi T × ΔS, ndiye imakula pamene moto ukukula. Kuti ifanane ndi 178 000 J pafunika T ya 178 000 kugawa ndi 161, zomwe ndi cha pa 1100 K, kapena madigiri oposa 830. M'ng'anjo yeniyeni mumafunika madigiri cha pa 900 kapena kupitirira, ndipo kutenthako kuyenera kufika m'kati mwa mwala uliwonse kwa nthawi yokwanira. Pamene sikunafike, mwala umatsala momwe unalili.

Pothira madzi ikwezhoni yake ndi iyi:

CaO(s) + H₂O(l) → Ca(OH)₂(s)

Mulibe gasi mbali iliyonse. Zikatere timatsikira pa sitepe yachiwiri, kuyang'ana zamadzimadzi ndi zolimba. Madzi amene anali omasuka kuyenda amangidwa m'kati mwa ufa wolimba, choncho tikuyembekeza negetivu, ndipo tebulo likuvomereza: 83.4 kuchotsapo 39.8 ndi 69.9 zikutipatsa pafupifupi −26 J/K. Nthunzi imene imakuthawitsaniyo si chotuluka cha riyakishoniyi. Ndi madzi owonjezera amene awiritsidwa ndi kutentha kumene laimu akutulutsa, pafupifupi 65 kJ pa molo. Ophunzira aonenso kuti −26 ndi yaing'ono poyerekeza ndi +161. Pamene palibe gasi wosintha, manambala amachepa, ndipo kulosera kwathu kumafuna kusamala kwambiri.

Bambo Gondwe

Zikomo kwambiri aphunzitsi. Za kupepuka kwa mwala timaganiza kuti ndi chinyezi chokha chimene chimauma, koma chinyezi sichingafike pafupi ndi theka la mwala wonse. Ndikawafotokozera anzanga amene amafuna kuchepetsa nkhuni.

Tiyamike

Nanga wachitatu uja, wa haidirojeni ndi kulorini? A Kondwani anati ndi ziro. Ndilembe ziro?

Aphunzitsi Phiri

Musalembe ziro. Mamolo a gasi akafanana mbali zonse ziwiri, chimene tikudziwa ndi chakuti ΔS ndi yaing'ono, ndipo kuwerenga mamolo sikungatiuze ngati yagwera pamwamba kapena pansi pa ziro. Pa riyakishoni yanuyi haidirojeni ndi 130.7, kulorini ndi 223.1, ndipo HCl ndi 186.9 pa molo, ndiye 373.8 kuchotsapo 353.8 zikutipatsa +20 J/K. Mitheni yoyaka n'kupereka nthunzi inatipatsa −5. Makala oyaka n'kupereka CO₂, pomwe molo imodzi ya okosijeni ikusinthana ndi molo imodzi ya CO₂, amapereka pafupifupi +3. Zonsezi mamolo a gasi ndi ofanana, koma ina ili uku, ina uko.

Pa mtundu wa riyakishoni yanuyi pali chifukwa choyembekezera pozitivu yaing'ono. Mamolekyu okhala ndi maatomu awiri ofanana akasanduka mamolekyu okhala ndi maatomu awiri osiyana, njira zosanjira zimachulukirako, popeza molekyu ya HCl mukaitembenuza imaoneka mosiyana pamene ya H₂ imaoneka chimodzimodzi. Naitirojeni ndi okosijeni zikapanga 2NO zimaperekanso pafupifupi +25. Koma ndingakulangizeni kuti mulembe kuti ΔS ili pafupi ndi ziro, mufotokoze chifukwa chake, ndipo muwonjezere kuti chizindikiro chenicheni chikufunika tebulo. Wolemba mafunso wosamala amayembekeza yankho limenelo.

Chenjezo lina ndi la ayodini. Mukaona H₂ + I₂ → 2HI, yang'anitsitsani chilembo cha ayodiniyo. Akakhala (g), mamolo ndi awiri uku ndi awiri uko, ndipo ΔS ndi pafupifupi +22. Akakhala (s), monga amakhalira m'botolo pa shelefu, kumanzere kuli molo imodzi yokha ya gasi, ndipo ΔS ikudumphira pa +166.

Mayi Nachisale

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo zonse zimene aphunzitsi anena ndikugwirizana nazo. Ine ntchito yanga ndi ya mu labotale, kukonza mankhwala amene ophunzira amagwiritsa ntchito, ndipo ndikufuna kuwonjezera malo amodzi pamene lamulo lowerenga gasili limagwa, chifukwa a Tiyamike adzakumana napo posachedwa. Pafupifupi aliyense wa ife anaikapo kachidutswa ka maginiziyamu mu asidi wosungunulidwa n'kuona kakuyandama, kakuthwanima, thovu likutumphuka, chubu chikufunda m'dzanja mpaka kachitsuloko katatha.

Mg(s) + 2H⁺(aq) → Mg²⁺(aq) + H₂(g)

Funsani kalasi iliyonse ndipo onse ayankha kuti pozitivu. Chitsulo cholimba chasungunuka, gasi watuluka, mamolo a gasi achoka pa 0 kufika pa 1. Koma tsegulani tebulo. Maginiziyamu wolimba ndi 32.7, haidirojeni ndi 130.7, H⁺ ndi 0, ndipo Mg²⁺ wa m'madzi ndi −138.1. Kumanja kukukwana −7.4, ndipo tikachotsapo 32.7, ΔS ikutuluka pafupifupi −40 J/K. Zinki amachitanso chimodzimodzi, amapereka pafupifupi −23. Gasi watuluka pamaso pathu koma entiropi ya riyakishoni yatsika.

Kondwani

Mayi, nambala imeneyo ikundikayikitsa. Tinaphunzira kuti entiropi ya chinthu singatsike pansi pa ziro, popeza ziro ndi ya cholimba chosanjika bwino pa 0 K. Ndiye −138 ichokera kuti? Komanso H⁺ angakhale bwanji ndi ziro pamene akuyenda m'madzi? Ndikuona ngati ndi mgwirizano chabe wa olemba matebulo, ndipo ngati ndi choncho ndiye kuti −40 yanuyo si yeniyeni, yangobadwa chifukwa cha mgwirizanowo.

Mayi Nachisale

Mwafunsa bwino a Kondwani, ndipo theka la zimene mwanena ndi loona. Ziro ya H⁺ ndi mgwirizano. Palibe amene angathire maayoni a chaji imodzi okha m'botolo n'kuwayeza, chifukwa nthawi zonse amabwera ndi anzawo a chaji inayo, ndiye anagwirizana kuti H⁺ akhale poyambira ndipo ena onse ayerekezedwe ndi iye. Nambala ya negetivu ikungonena kuti ayoniyo ili pansi pa H⁺ pa muyeso umenewu.

Koma mgwirizanowo sukhudza yankho la riyakishoni yathu. Taonani kuti kumanzere kuli chaji ya +2 ndipo kumanja kulinso +2. Tiyerekeze kuti tasintha mgwirizano n'kupatsa H⁺ nambala ina iliyonse, tinene 50. Ndiye kuti ayoni iliyonse ya +1 ikwera ndi 50, ndipo ya +2 ikwera ndi 100. Kumanzere, ma H⁺ awiri awonjezera 100. Kumanja, Mg²⁺ awonjezeranso 100. Pochotsera, ziwirizi zifafanizana ndipo −40 itsala pomwepo. Choncho ndi nambala yeniyeni imene ingayezedwe.

Chimene chikuchititsa ndi madzi, amene mu ikwezhoni abisala m'zilembo ziwiri zija (aq). Ayoni ya maginiziyamu ndi yaing'ono koma ili ndi chaji ya +2, ndiye imakoka mamolekyu a madzi mwamphamvu. Asanu ndi limodzi amaizinga pafupi, mbali ya okosijeni italoza kwa iyo, ndipo ena kunja kwa amenewa nawonso amakakamizika kuloza mbali imodzi. Mamolekyu onsewa poyamba anali omasuka kutembenuka ndi kusuntha, tsopano agwidwa. Ufulu umene madzi ataya ukuposa umene wapezeka potulutsa molo imodzi ya haidirojeni, makamaka chifukwa haidirojeni ndi mmodzi mwa magasi okhala ndi entiropi yotsikitsitsa, 130.7 chabe. Akanakhala gasi wolemera zinthu zikanasiyana. Mwala wa Bambo Gondwe mukauika mu asidi umatulutsa CO₂ wa 213.7 pamodzi ndi molo ya madzi omasuka, ndipo Ca²⁺ ndi wamkulupo, sagwira madzi mwamphamvu chotero, nambala yake ndi −53. Pamenepo ΔS ndi pafupifupi +138 ndipo lamulo la gasi likugwira ntchito bwinobwino.

N'chimodzimodzi ndi chiphunzitso chakuti kusungunula mchere m'madzi kumakweza entiropi nthawi zonse. Ndi zoona pa mchere wa patebulo, umene umapereka pafupifupi +43, ndiponso pa amoniyamu naitireti, amene amapereka pafupifupi +109 ndipo amaziziritsa madzi akamasungunuka. Koma CaCl₂ amapereka pafupifupi −45, ndipo MgCl₂ amatsika kupitirira −110. Chimene ndimayang'ana ine ndi chaji. Maayoni onse akakhala a +1 ndi −1, nthawi zambiri lamulo wamba limagwira. Mukaona +2, +3 kapena −2 akulowa kapena kutuluka m'madzi, imani kaye.

Aphunzitsi Phiri

Mayi Nachisale anena zoona ndipo manambala awo ndi omwe ali m'matebulo. Ndiwonjezere chitsanzo chimodzi chimene chimatembenuza nkhaniyi. Maayoni a Ca²⁺ ndi CO₃²⁻ akakumana m'madzi n'kugwa pansi ngati ufa woyera wa CaCO₃, wophunzira aliyense anena kuti negetivu, popeza zoyandama ziwiri zasanduka cholimba chimodzi. Koma −53 ndi −57 zikusanduka +93, ndiye ΔS ndi pozitivu yopitirira 200, chifukwa madzi onse amene maayoni aja anagwira amasulidwa.

Komabe mayi, pali pamene ndikusiyana nanu pang'ono, pa nkhani ya zimene wophunzira wa chaka choyamba ayenera kulemba. Funso likanena kuti losera popanda tebulo, likuyesa ngati wophunzira akudziwa kuwerenga gasi ndi kuyerekeza zolimba, zamadzimadzi ndi gasi. Mafunso ambiri otere akaika chitsulo ndi asidi amayembekeza pozitivu. Ine ndimauza ophunzira anga kuti alembe zimene lamulo likulosera ndi chifukwa chake, kenako aike chiganizo chimodzi chonena kuti maayoni a chaji yaikulu angasinthe yankholo. Sindifuna kuti mwana ataye mamalikisi chifukwa chodziwa zambiri kuposa pepala la mayankho.

Mayi Nachisale

Ndikumvetsa nkhawa yanu aphunzitsi, koma ine zimandivuta kuuza wophunzira kuti alembe pozitivu pa chinthu chimene akudziwa kuti ndi negetivu. Ngati pepala la mayankho likunena pozitivu pa maginiziyamu ndi asidi, pepalalo ndilo lalakwa, ndipo funsolo silinayenera kuikidwa pakati pa mafunso olosera. Ndingakonde kuti alembe kuti lamulo la gasi likuloza ku pozitivu, koma pano silodalirika chifukwa Mg²⁺ akumanga madzi, ndipo yankho lake lomaliza likhale negetivu yaing'ono. Akamanidwa mamalikisi, ali ndi tebulo loti akaonetse. Ophunzira omwewa mawa adzawerengera ΔG ndi mphamvu ya mabatire, ndipo kumeneko chizindikiro cholakwika chimawauza kuti kutentha kukakwera riyakishoni ikokedwa mbali ina pamene ikukokedwa mbali inayo.

Kondwani

Za kufafanizana kwa chaji ndaziyesa pa pepala ndi zinki ndipo zikutulukadi monga mwanenera. Koma ndikadali ndi funso. Manambala a (aq) amenewa ndi a asidi ndi mchere wa molo imodzi pa kilogalamu ya madzi. Mu labotale timagwiritsa ntchito asidi wa mphamvu zosiyanasiyana, ndipo poyambirira penipeni m'chubumo mulibe Mg²⁺ ngakhale pang'ono. Kodi −40 imeneyi singasinthe chizindikiro pamenepo?

Mayi Nachisale

Ingasinthe ndithu. Nambala ya tebulo ndi ya muyeso wokhazikika, ndipo ayoni ikasungunulidwa kwambiri entiropi yake imakwera. Mg²⁺ akachepa kakhumi, asidi ndi gasi zili momwemo, ΔS imakwera ndi R × ln 10, zomwe ndi pafupifupi 19 J/K. Ndiye akachepa kufika pa gawo limodzi mwa magawo 1000, tawonjezera pafupifupi 57 ndipo −40 yasanduka pozitivu. Mbali inayo, asidi akachepa, ΔS imatsikiratu, ndipo imatsika kawiri chifukwa ma H⁺ ndi awiri. Pa amoniya uja wa −198 kapena mwala wa +161 kusintha kotere sikungatembenuze chizindikiro msanga, koma pa nambala yaing'ono ngati iyi kungathe. Mafunso a m'kalasi amakhala akunena za muyeso wokhazikika, ndiye yankho langa pa pepala likadali negetivu.

Tiyamike

Ndathokoza nonse. Atatu aja ndalemba negetivu, negetivu, ndi pafupi ndi ziro. Ndayang'ananso tsamba lachiwiri la pepala lathu ndipo pali ili:

2Al(s) + 6H⁺(aq) → 2Al³⁺(aq) + 3H₂(g)

Apa mamolo a gasi akuchoka pa 0 kufika pa 3, ndiye poyamba ndinalemba pozitivu mosakayika. Koma aluminiyamu ali ndi chaji ya +3. Kodi mamolo atatu a gasi angagonjenso kwa madzi omangidwa?

Mayi Nachisale

Werengerani nokha, mwanangu. Aluminiyamu wolimba ndi 28.3, Al³⁺ wa m'madzi ndi pafupifupi −322, ndipo haidirojeni mukumudziwa kale. Musaiwale kuchulukitsa iliyonse ndi nambala imene ili patsogolo pake.

Tiyamike

Kumanja ndapeza 2 × (−322) kuphatikiza 3 × 130.7, zomwe ndi pafupifupi −252. Ndikachotsapo 2 × 28.3 ndikupeza pafupifupi −308 J/K. Yatsika kuposa ya amoniya ija. Aphunzitsi Phiri, funso limeneli lili m'gawo lolosera popanda tebulo, ndiye mawa ndikafunsa amene analikonza kuti amayembekeza yankho liti ndisanapereke pepala langa.

Aphunzitsi Phiri

Kafunseni ndithu, ndipo mutenge kuwerengera kwanuko kuti akakuone. Pa −40 ndikanatsutsanabe ndi Mayi Nachisale za zimene wophunzira alembe pa mayeso, koma −308 ndi yaikulu kwambiri moti sindingakuuzeni kuti mulembe pozitivu. Mudzatiuze pa gulu pano zimene akakuyankheni, chifukwa ngati akanene kuti pozitivu ndifuna kudziwa tebulo limene anagwiritsa ntchito.